Singano ikatuluka m'thupi la wodwala: momwe timaphunzitsira anamwino atsopano kuitaya

Ophunzira unamwino akamafika ku wodi koyamba, kaya kuno ku Ntcheu kapena kwa anzathu ku Dedza, lamulo amakhala atalidziwa kale. Mukawafunsa amayankhira pamodzi kuti singano imene yagwira ntchito saivindikira, saipinda, saithyola, imaponyedwa m'bokosi lotayiramo singano nthawi yomweyo. Pamayeso olemba amakhoza. Koma mpatseni mmodzi sirinji, abaye wodwala weniweni, ndipo muyang'ane dzanja lake lamanzere. Kawirikawiri limapita lokha kukafuna kachivindikiro. Mutu ukudziwa, dzanja silinamve, ndipo ntchito ya mphunzitsi wa ku wodi ili pa dzanjalo.

Ngozi zambiri za singano zimachitika m'kanthawi kochepa kwambiri, kuchokera pamene singano yatuluka pakhungu la wodwala kufika pamene yagwera m'bokosi. Kanthawi kameneka kakatalika, chifukwa bokosi lili kutali, kapena ladzadza, kapena palibe, munthu amayamba kuganiza njira zina: aivindikire, aiike kaye pabedi, ayende nayo m'manja. Njira zonsezi ndi zimene zimabaya anthu. Choncho ine ndikamaphunzitsa sindiyambira pa kataidwe. Ndimayambira pa funso loti bokosi lili pati wodwala asanakhudzidwe n'komwe.

Chimene chili kunsonga kwa singano

Wophunzira aliyense amaopa HIV, ndipo n'zomveka. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti pafupifupi anthu akuluakulu 9 pa 100 alionse m'Malawi ali ndi kachilomboka. Koma tikayala matenda atatu amene amayenda kwambiri kudzera m'singano, HIV ndi imene imapatsirana movutirapo. Munthu akabayidwa ndi singano yochokera kwa wodwala amene ali ndi HIV, mwayi wotenga ndi pafupifupi 3 pa 1,000. Matenda a chiwindi a mtundu wa C ali pafupifupi 2 pa 100. A mtundu wa B ndiye oopsa: kwa munthu amene sanalandire katemera, mwayi umayambira pa 6 mpaka kufika 30 pa 100, malinga ndi kuchuluka kwa kachilombo m'magazi a wodwalayo. Kachilombo ka mtundu wa B kamapiriranso kunja kwa thupi, kamatha kukhala kamoyo m'magazi ouma kwa sabata yathunthu. Izi zikutanthauza kuti singano ya dzana imene yabisala m'nsalu za pabedi si yakufa ayi.

Ubwino wake ndi wakuti mtundu wa B uli ndi katemera. Amabayidwa katatu: tsiku loyamba, pakatha mwezi umodzi, kenaka pa mwezi wa 6. Dziko lathu linayamba kupereka katemerayu kwa makanda mu 2002, ataphatikizidwa ndi akatemera ena aja a pantchafu. Ophunzira ambiri a lero anabadwa chakachi chitadutsa, koma si onse amene angakuonetseni buku lawo la kusikelo, ndipo achikulire amene abwera kudzawonjezera maphunziro anabadwa katemerayu asanafike. Maganizo anga ndi akuti sukulu iliyonse izifunsa za katemerayu wophunzira asanaponde ku wodi, monga momwe imafunsira yunifolomu.

Singano nazonso sizifanana kuopsa kwake. Yobowoka mkati, yaikulu, imene yangotuluka mumtsempha ili ndi magazi, monga yotengera magazi kapena ya mkati mwa kanyula, kapaipi kaja kolowetsa mumtsempha poika dilipi, ndi yoopsa kuposa yosokera bala imene ilibe bowo. Kubayidwa mozama n'koopsa kuposa kukalika pamwamba. Wophunzira akadziwa izi amamvetsa chifukwa chake timalimbikira kwambiri pa kanyula. Ndipo magolovesi, ngakhale ali ofunika, singano saitchinga. Amangopukutako ena mwa magazi pamene ikudutsa.

M'chipinda choyeserera

Tisanapite kwa odwala timayeserera pa mkono wa chidole kapena pa lalanje. Ndimayala zonse patebulo, koma bokosi la singano ndimalisiya dala pakona, kutali. Wophunzira amasamba m'manja, amavala magolovesi, amakoka mankhwala, amabaya bwinobwino, amazula. Kenaka amaima singano ili m'manja, maso akuyendayenda. Pamenepo ndimati, "Imani pomwepo, musasunthe. Mulowera nayo kuti?" Anzake amaseka, iyenso amaseka, koma phunziro lalowa. Amabwereza, ulendo uno akuyamba n'kutenga bokosi, kuliika pamalo olimba, mbali ya dzanja limene amabayira, potalika mosapitirira mkono.

Pali zinthu zing'onozing'ono zimene timazibwereza mpaka zitakhazikika. Sirinji ndi singano zimapita m'bokosi pamodzi, osazilekanitsa ndi manja, nsonga itayang'ana pansi. Amene wabaya ndi yemwe amataya. Singano sipatsidwa kwa mnzako kuti akakutayire, ndipo sisiyidwira woyeretsa. Singano iyambe yagwa m'bokosi, kenaka thonje ndi pulasitala. Wodwala kapena womudikirira atha kugwira thonje pabala kwa kanthawiko. Ngati chinthu chakuthwa chiyenera kuchoka kwa munthu wina kupita kwa wina, monga posoka bala kapena ku fiyeta, chimaikidwa m'kabakuli kachitsulo ndipo winayo amatola yekha, osati kulandirana dzanja kwa dzanja.

Chifukwa chake kuvindikira kumabaya n'chosavuta kuchiona mukachita pang'onopang'ono. Dzanja lina lagwira kachivindikiro kokhala ndi kabowo kakang'ono, lina likulunjika nsonga kumeneko, ndiye kuti nsonga ikuyenda molunjika zala zanu. Mukaphonya pang'ono, kapena wina akakugundani chigongono, yalowa. Nthawi zina imaboola m'mbali mwa kachivindikiro. Pali nthawi zochepa pamene kuvindikira sikungapewedwe, ndipo pamenepo timaphunzitsa njira ya dzanja limodzi: kachivindikiro kagone patebulo, dzanja linalo likhale kumbuyo, mukatole ndi nsonga ya singano, mukadzutse, kenaka mukakanikizire pa chinthu cholimba. Njirayi ndimaiphunzitsa mochedwa ndiponso monyinyirika, chifukwa ophunzira ena akangoidziwa amaiyesa chilolezo chovindikira singano iliyonse.

Mwana ndi nkhani ina. Mwana wa zaka 2 amene akumva malungo samvera malangizo, ndipo amatukula mwendo pa nthawi imene singano ikutuluka. Kumugwira bwino ndi mbali ya chitetezo cha singano. Mayi akhale pansi, amufungate, miyendo ya mwana ipanidwe pakati pa miyendo ya mayi, ndipo auzidwe momveka: "Amayi, mugwirebe mpaka nditakuuzani kuti tathana." Amayi ambiri amamasula akangoona singano yatuluka, pamene ngozi ili pachimake. Timabotolo tagalasi ta mankhwala tothyola pakhosi natonso timacheka zala. Timathyoledwa titakulungidwa ndi kansalu ka bala, molozetsa kutali ndi nkhope, ndipo zidutswa zake ndi za m'bokosi la singano.

Bokosi ndi masamu ake

Bokosi limene timagwiritsa ntchito kwambiri ndi lija la katoni yolimba, la malita 5, limene limabwera lophwatalala kuti tilipinde tokha. Wophunzira aliyense alipinde ndi manja ake kangapo, chifukwa lopindidwa molakwika limatseguka pansi pomwe mwalinyamula. Likhale pouma, poti katoni ikanyowa singano zimaboola. Lisakhale pansi pomwe ana akukwawa, komanso lisakhale pamwamba kwambiri moti woponya sakuona pakamwa pake. Likafika pa mzere, ndiye kuti magawo 3 mwa magawo 4, limatsekedwa, ngakhale likuoneka kuti malo alipobe. Silikhutchumulidwa kuti zitsike, silikanikizidwa ndi chala, silitsegulidwanso, ndipo silikhuthulidwa kuti ligwirenso ntchito.

Ophunzira ambiri saganizira kuti bokosi limadzadza liti, choncho timawerengera limodzi. Bokosi la malita 5 limalowa masirinji ang'onoang'ono pafupifupi 100, ndipo akuluakulu a mamililita 5 kapena 10 amalidzadza msanga kuposa pamenepo. Tiyerekeze wodi imene odwala 15 akulandira penisilini wa jakisoni maola 6 alionse. Amenewo ndi majakisoni 60 pa tsiku. Onjezanipo makanyula, kutenga magazi, ndi tisingano tobayira chala poyeza malungo ndi shuga. Bokosi limodzi silifika masiku awiri. Ndiye ngati Lachisanu masana kuwodi kwatsala bokosi limodzi lopanda kanthu, ndipo kosungira katundu akutseka mpaka Lolemba, mwadziwiratu kuti Lamlungu usiku wina adzakhala akukanikiza sirinji m'bokosi losefukira. Kuitanitsa mabokosi ndi ntchito ya oyang'anira wodi, koma wophunzira amene waphunzira kuwerengera amakumbutsa, ndipo mawa lake ndi iyeyo adzakhale woyang'anira.

Usiku wa Lachisanu

Tiyeni titsate nkhani imodzi kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Zoterezi zimachitika m'zipatala zambiri, choncho sitikunena za chipatala chakutichakuti. Ndi mwezi wa Julaye, kukuzizira monga kumazizirira kumapiri kuno, odwala afunda mabulangete awiriawiri. Nthawi ya 11 koloko usiku abwera ndi bambo wotsegula m'mimba, wofooka, wofunika dilipi. Magetsi azima. Wophunzira akuika kanyula, womudikirira akuunikira ndi tochi ya foni. Mtsempha wapezeka, magazi aoneka, wazula singano ya mkati. Tsopano dzanja lina lapana mtsempha kuti magazi asatuluke, lina lagwira singano, ndipo paipi ya dilipi ikufunika kulumikizidwa. Bokosi lili pa tebulo la anamwino, mabedi asanu kuchokera pamenepo. Aika singano pabulangete, kuti aitola akamaliza. Alumikiza, amata pulasitala, akonza madontho. Pokoka bulangete kuti amfunditse wodwala, singano ija yalowa pachala chapakati, kudutsa golovesi.

Ndikamafotokoza nkhaniyi ndimawafunsa ophunzira kuti cholakwa chinachitika pati. Ambiri amati poika singano pabulangete. Ine ndimati chinachitika mphindi 10 m'mbuyomo, pamene ananyamula zipangizo n'kusiya bokosi. Atafika pokhala ndi manja awiri ndi ntchito zitatu, njira yabwino inali itatha kale.

Tsopano achite chiyani? Choyamba atole singanoyo mosamala n'kuiponya m'bokosi kuti isabayenso wina, avule golovesi, asambe balalo ndi sopo pa madzi oyenda. Ngati mpope wauma, mnzake amuthirire kuchokera m'ndowa. Magazi atuluke okha, osafinya, osayamwa, osathirapo jiki kapena kolorini, poti zimenezi zimangowononga minofu popanda kuchotsa kachilombo. Bala liphimbidwe. Magazi akanakhala kuti amuthovukira m'maso kapena m'kamwa, akanatsuka ndi madzi ambiri oyera kapena madzi amchere a dilipi.

Chachiwiri ndi chimene chimavuta kwambiri: kunena. Apite kwa namwino wamkulu wa usikuwo nthawi yomweyo. "Asisita, ndabayidwa ndi singano ya kanyula ya bambo a pabedi lachisanu aja." Ophunzira amabisa chifukwa choopa kukalipiridwa, kuopa kulembedwa kuti ndi osasamala, ndiponso kuopa kuyezedwa magazi. Apa yankho loyamba la wamkulu ndi limene limaphunzitsa wodi yonse. Akayankha kuti, "Mwasamba? Tiyeni tikayambe mankhwala, zinazo tikamba mawa," ophunzira ena onse amva kuti kunena n'kotheka. Akayamba ndi kuti "Munaphunzira chiyani kusukulu kwanuko?" wotsatira sadzanena.

Nthawi ikuwerengedwa. Mankhwala oteteza ku HIV munthu akakhudzana ndi magazi, amene timawatcha PEP, amagwira bwino akayambidwa m'maola oyambirira, ndipo pakadutsa maola 72 saperekedwanso. Wathuyu wabayidwa 11 koloko usiku wa Lachisanu. Akati adikire aphunzitsi ake Lolemba 8 koloko m'mawa, padutsa maola 57. Akadali mkati mwa malire, koma wataya maola amene anali ofunika kwambiri, popanda chifukwa. Maola 72 ndi mpanda wakumapeto, si nthawi yopangana. N'chifukwa chake tsiku loyamba kuwodi wophunzira aonetsedwe ndi maso kumene PEP amasungidwa usiku ndi kumapeto kwa sabata, ndi amene amasunga kiyi.

Wophunzirayo amayezedwa HIV kuti zidziwike momwe analili ngozi isanachitike. Akapezeka kuti ali nako kale, sapatsidwa PEP, amayamba chithandizo chokhazikika. Wodwala uja amafotokozeredwa n'kupemphedwa kuti ayezedwe, sakakamizidwa. Ngati akana, kapena zotsatira zichedwa, kapena singano sikudziwika mwini wake, mlingo woyamba sudikira. Masiku ano PEP ndi piritsi limodzi pa tsiku la ma ARV atatu ophatikiza, kwa masiku 28. Ena amamva nseru, mutu kapena kusowa tulo m'masiku oyamba, ndipo apa ndi pamene ambiri amasiyira panjira. Mphunzitsi amufunse sabata iliyonse ngati akumwabe. Pa nthawiyi agwiritse ntchito kondomu ndipo asapereke magazi, mpaka atayezedwanso pakatha miyezi 3. Za chiwindi zisaiwalike chifukwa cha mantha a HIV: ngati sanalandire katemera wa mtundu wa B ayambe msangamsanga, makamaka tsiku lomwelo. Mtundu wa C ulibe katemera kapena mankhwala otchinjiriza, koma ukapezeka poyeza umachizika.

Pomaliza ngoziyo ilembedwe m'buku: nthawi, mtundu wa singano, ntchito imene imachitika, kumene kunali bokosi. Bukuli likamalembedwa moona limaonetsa zinthu zimene munthu mmodzi sangazione, monga kuti ngozi zikuchulukira usiku, kapena pa ngodya ina ya wodi imene ilibe poika bokosi.

Zinyalala zinazo

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi magawo 85 pa 100 a zinyalala za m'chipatala ndi zinyalala wamba, zofanana ndi za kunyumba, ndipo 15 okha ndi oopsa. Chiwerengerochi chimakhala choona pokhapokha ngati zasiyanitsidwa pomwe zapangikira. Thonje limodzi la magazi likagwera m'ndowa ya mapepala ndi makoko a nthochi, ndowa yonseyo yasanduka yoopsa, ndipo palibe amene ayenera kupisamo dzanja kuti asankhule.

Mitundu ya zotayiramo zinyalala imene wophunzira adzakumana nayo kwambiri ndi itatu. Chakuda ndi cha zinyalala wamba: mapepala okutira masirinji, zotsala za chakudya, mabotolo a zakumwa. Chachikasu ndi cha zonse zimene zakhudza magazi, mafinya kapena madzi ena a m'thupi: thonje, mabandeji, magolovesi, mapaipi a dilipi. Chofiira, kumene chilipo, ndi cha zoopsa kwambiri ndi ziwalo za thupi. Zipatala zimasiyanako pang'ono, choncho wophunzira awerenge chipepala chimene chamatidwa pakhoma la wodi imene ali. Nsengwa za ku mateniti zili ndi dzenje lakelake lovindikira. Mankhwala otha ntchito amabwerera ku famase, satayidwa m'sinki.

Njira imene ndaona kuti imagwira ndi yoyala zinthu zoyera patebulo, wophunzira n'kumatola chimodzichimodzi akunena kumene chikupita ndi chifukwa chake. Zosavuta zimatha msanga. Mkangano umabuka pa paipi ya dilipi, chifukwa ili ndi nsonga yolimba imene imaboola botolo. Umabukanso pa sirinji imene sinakhudze wodwala, yongosungunulira mankhwala. Yankho ndi lakuti chilichonse chimene chingaboole thumba kapena khungu ndi cha m'bokosi, kaya chakhudza magazi kaya ayi, pakuti amene adzabayidwe nacho sadzadziwa mbiri yake ndipo adzamwa mankhwala mwezi wathunthu chifukwa cha singano yoyera. Cholakwa chinanso n'chotembenuza: kuponya magolovesi, thonje ndi mapepala m'bokosi la singano. Izi zimadzadza bokosi tsiku limodzi, komanso zimatseka pakamwa pake moti sirinji yotsatira imaima nsonga ili kunja.

Ulendo wa kuseri kwa chipatala

Sabata yoyamba isanathe ndimawatenga ophunzira kukaona kumene zinyalala zimathera. Timatsatira bambo amene amazinyamula, kuchokera pakhomo la wodi, ndi wilibala yawo, mpaka ku ng'anjo ya njerwa kuseri. Ophunzira ambiri amakhala asanafikeko, ndipo ena amamaliza maphunziro osadziwa kuti ng'anjoyo ili mbali iti. Ndimawapempha bambowo kuti afotokoze okha. Amaonetsa momwe amanyamulira thumba, pogwira pakhosi pake, motalikitsa ndi miyendo, osalikumbatira kapena kulisenza, chifukwa sadziwa chimene chabisala mkati. Mmodzi mwa abambo onyamula zinyalalawa anangonena kuti, "Ana anga, inu mukabayidwa mumadziwa wodwala wake. Ine ndikabayidwa ndikafunse ndani?" Funso limenelo limagwira ntchito kuposa chipepala chilichonse chapakhoma. Ochapa nsalu ali m'gulu lomwelo.

Ku ng'anjo kuli zophunzira zake. Imayenera kutenthedwa kaye ndi nkhuni kapena zinyalala zouma isanalandire mabokosi, ndipo moto wake ufike madigiri 800 kapena kuposa. Utsi wakuda wambiri ndi chizindikiro chakuti moto wachepa, mwina chifukwa zinyalala ndi zonyowa kapena zaikidwa zambiri nthawi imodzi. Mapulasitiki ena akapsa ndi moto wochepa amatulutsa utsi wa poizoni umene umagwera pa nyumba ndi madimba oyandikana. Apa wophunzira amaona chifukwa chake zotsala za nsima ndi mabotolo a dilipi odzadza madzi siziyenera kulowa m'thumba lachikasu: zimazimitsa moto. Timabotolo totsekedwa ndi zitini zopopera zimaphulika n'kuvulaza wowotcha, ndipo choyezera kutentha kwa thupi chagalasi chija chokhala ndi mekyule sichiwotchedwa konse.

Kenaka timasuzumira phulusa. Pulasitiki yapsa, katoni yapsa, koma singano zilipo, zakuda, zakuthwabe. N'chifukwa chake phulusa limakokedwa ndi fosholo, osati manja, n'kuthiridwa m'dzenje lovindikira, ndipo malo onsewo amafunika mpanda. Kumene kulibe mpanda kumafika mbuzi, agalu, ndi ana amene amatola masirinji kuti azikapoperana madzi. M'zipatala zing'onozing'ono za kumidzi, kumene kulibe ng'anjo yabwino, mabokosi otsekedwa amasungidwa m'chipinda chokhoma mpaka galimoto itawatengera kumene kuli ng'anjo. Mabokosi a singano amatha kudikira ngati ali pouma, koma matumba achikasu ayi: nyengo yotentha asapitirire tsiku limodzi, yozizira masiku awiri.

Zimene amaona kwa akuluakulu

Chopinga chachikulu pa maphunzirowa si wophunzira. Ndi zimene amaona. Namwino amene wagwira ntchito zaka 20 akamavindikira singano ndi manja awiri, mwachangu, mosaphonya, wophunzira amaona luso, ndipo amafuna kufanana naye. Mwambo wathu sulola mwana kudzudzula wamkulu pagulu, ndipo sindimuuza wophunzira kuti akayambe kukonza asisita ake. Ndimamuuza kuti anyamule bokosi. Akamatsatira wamkulu pozungulira ndi mankhwala, iye akhale nalo pafupi, ndipo singano ikangotuluka alisendeze n'kunena kuti, "Bokosi nali, asisita." Palibe amene wanyozeka, ndipo singano yalowa. Zokamba ndi akuluakuluwo ndi ntchito yathu aphunzitsi ndi oyang'anira, kumbali.

Poyesa wophunzira, kataidwe ka singano sindikapatsa malikisi apadera oti angathe kuwataya n'kukhozabe. Akabaya bwino kwambiri koma n'kusiya singano m'kabakuli kuti akataya pambuyo pake, jakisoniyo walephera, abwereze. Ndimayang'ananso pa nthawi imene sakudziwa kuti ndikuyang'ana, makamaka chakumapeto kwa ntchito ya usiku pamene watopa, chifukwa pamenepo ndi pamene chizolowezi chenicheni chimaonekera.

Mabokosi nthawi zina amatha ndithu, ndipo kunamizira kuti sizichitika n'kumusiya wophunzira opanda chochita tsiku limenelo. Choyamba n'kukabwereka ku wodi ina kapena kwa a katemera, ndi kudziwitsa oyang'anira. Zikakanika, chigubu cha pulasitiki yolimba chokhala ndi chitsekero, chopanda kanthu ndi chouma, chimagwira ntchito mongoyembekezera. Chilembedwe ndi zilembo zazikulu kuti muli singano, chiikidwe poti sichingagwe, ndipo chitsekedwe chikafika magawo 3 mwa 4 monga bokosi. Katoni wamba ya mankhwala, botolo la madzi akumwa lopyapyala ndi ndowa yotsegula siziloledwa, chifukwa ziwiri zoyambazo singano imaboola, ndipo ndowa wina adzaikhuthula. Bambo a ku ng'anjo auzidwe kuti lero kukubwera chigubu, kuti adziwe kochiika.